Tepi, Pepala Loyera ndi Chilema Choonetsedwa: Mafunso a Ogulitsa pa Foni kwa Kanduku

Wogulitsa kaunjika kwa Kanduku, m'boma la Mwanza, masiku ano sangodalira anthu odutsa pa benchi yake. Amajambula diresi n'kuika pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo amene waikonda akhoza kukhala ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M6, kapena ku Lilongwe, kapenanso kutsidya kwa malire ku Zobue. Ndalama imabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu n'kukwera minibasi. Wogulayo sanakhudze nsalu, sanayese, sanatembenuze kolala kuti aone mkati. Chimene wagula ndi chithunzi ndi mawu anu basi. Mafunso otsatirawa ndi a zovala, nsapato ndi zitenje makamaka, chifukwa n'kumene mikangano ya saizi, mtundu ndi zilema imachuluka.

Saizi ili kale pa lebulo. Ndiyezerenji china?

Chifukwa lebulo inalembedwera anthu a dziko lina, chovala chili chatsopano. Belo limodzi la kaunjika limakhala ndi zovala zochokera kumafakitale ambiri, ndipo aliyense ali ndi kayezedwe kake. Diresi ya akazi yolembedwa 12 ku Britain imafanana ndi 8 ya ku America ndi 38 ya ku Germany. Malaya olembedwa XL osokedwera msika wa ku China kawirikawiri amakhala aang'ono kuposa XL wa ku America. Onjezaninso apo kuti chovalacho chinavalidwa ndi kuchapidwa: thonje limafota, juzi imatanuka, lasitiki wa m'chiuno amatopa. Pena mwini wake woyamba anakachibweza kwa telala, lebulo n'kutsala yakale ija.

Choncho mukalemba kuti "saizi 12" simunaname, koma simunanene chilichonse chimene wogula angakumangeni nacho kapena chimene inu mungadziteteze nacho. Iye adzati, "Ine ndimavala 12 koma iyi siikundilowa." Inu mudzati, "Onani lebulo, ndi 12." Nonse mukunena zoona, ndipo ndalama yoyendetsera katundu yapita kale. Nambala ya pa tepi ndi imene imathetsa nkhani yotere, chifukwa masentimita 43 kwa Kanduku ndi masentimita 43 ku Ndirande.

Ndiyeze pati, ndipo motani?

Gulani tepi ya telala, ija yofewa yotalika masentimita 150, imene mbali ina ili ndi mainchi, mbali ina masentimita. Yalani chovala pamalo osalala, patebulo kapena pamkeka woyera, mangani mabatani, tsekani zipi, salazani makwinya ndi dzanja koma osakoka.

Tiyeni titenge jinzi ya amuna imene lebulo yake ikuti W32. Ikani tepi pa lamba wa m'chiuno kuyambira mbali ina kufika mbali inayo. Tiyerekeze kuti mwapeza masentimita 43. Imeneyo ndi theka chabe, popeza chovala chapindika pawiri, ndiye chiuno chonse ndi masentimita 86. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho 86 ndi pafupifupi mainchi 34. Mwaona kale kuti lebulo ndi tepi zasiyana ndi mainchi awiri, ndipo munthu amene chiuno chake ndi 32 weniweni akanaigula ikanamugwa. Kenako yezani mwendo wamkati, kuyambira pamphanda pamene misoko imakumana kufika kumpendero. Tinene kuti ndi masentimita 76, amene ndi mainchi 30. Yezaninso ntchafu m'lifupi, pang'ono chabe pansi pa mphanda, chifukwa anthu ambiri jinzi imawakana pantchafu chiuno chili bwinobwino. Pomaliza yezani kukamwa kwa mwendo, kuti wogula adziwe ngati ndi yothina kumusi kapena yotakasuka.

Pa malaya, bulauzi, jekete ndi diresi, muyeso waukulu ndi wa pachifuwa: kuyambira m'khwapa kufika m'khwapa linalo. Wina ndi wa utali, kuyambira paphewa pafupi ndi khosi kutsika mpaka kumpendero, ndipo wina ndi wa mkono. Pa diresi onjezani chiuno ndi mbina.

Pali msampha umodzi umene umagwetsa ngakhale ogulitsa osamala. Mukalemba "pachifuwa 48" osanena kuti mwayeza chovala chitayalidwa, wina adzaganiza kuti ndi mainchi 48 ozungulira thupi, wina masentimita 48. Lembani zonse: "m'khwapa mpaka m'khwapa masentimita 48, chitayalidwa pansi, kuzungulira ndi 96." Ndipo jambulani tepiyo ili pachovalacho, poyambira pake ndi pothera pake zikuoneka m'chithunzi chimodzi. Chithunzi choonetsa nambala 48 yokha, poyambira pa tepi pali kunja, si umboni.

Ndamuuza kuti kuzungulira ndi 96, nayenso akuti chifuwa chake ndi 96. Bwanji bulauziyo yakana?

Chifukwa muyeso wa thupi ndi muyeso wa chovala sizifanana. Munthu amafunika mpata wopumira ndi wokwezera manja. Pa nsalu yosatanuka, monga thonje la malaya kapena chitenje, chovala chiyenera kuposa thupi ndi masentimita asanu kapena kupitirirapo pachifuwa. Pa jekete yovala pamwamba pa zina mpata uyenera kukula kuposa apo. Nsalu yotanuka ndiyo imalola kuti chovala chifanane ndi thupi kapena kucheperako.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi yakuti wogula asadziyeze thupi n'komwe. Muuzeni kuti: "Mayi, tengani bulauzi imene imakukwanani bwino, muiyale pabedi, muyeze m'khwapa mpaka m'khwapa, munditumizire nambala." Mukatero mukuyerekeza chovala ndi chovala. Kudziyeza thupi kumavuta: tepi imapendekeka kumsana, wina amakoka mimba, wina amatchula muyeso wa zaka zitatu zapitazo. Ngati alibe tepi, apite ndi chovalacho kwa telala wapafupi. Palibe msika wopanda telala.

Ngati nsalu ndi yotanuka, perekani nambala ziwiri: "chiuno masentimita 34 chosakoka, chimafika 42 mukakoka." Wogula wa pakati pa nambala ziwirizo adziwa yekha kuti imukwana, koma yomugwira.

Nanga nsapato? Apa ndiye timakangana kwambiri.

N'zoona, ndipo chifukwa chake n'chakuti nsapato ilibe telala woibweza. Pa lilime la nsapato zambiri pamalembedwa manambala angapo: UK, US, EU, pena CM. Nsapato ya amuna ya UK 8 imakhala pafupi ndi EU 42 ndi US 9. Wogula akati "ndimavala 8," funsani kuti 8 wa kuti, chifukwa US 8 ndi wocheperapo ndi saizi yathunthu. Saizi imodzi ya UK ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a inchi, pafupifupi mamilimita 8.5, pomwe ya EU ndi pafupifupi mamilimita 6.7. N'chifukwa chake manambala awiriwa sagwirizana ndendende, ndipo mafakitale amasiyana powasinthanitsa.

Jambulani lebulo ya pa lilime kuti iwerengeke, kenako yezani mkati. Ngati kansalu kopondapo ka mkati kamatuluka, katulutseni n'kukayeza kuyambira kuchidendene kufika kunsonga. Ngati sikatuluka, lowetsani kamtengo kowongoka mpaka kagunde kuzala, dulani kapena lembani pamene kafika kuchidendene, n'kuyeza kamtengoko. Wogula aponde papepala ataimirira, makamaka madzulo pamene phazi latupako ndi kuyenda, wina amulembere mozungulira, ayeze mapazi onse awiri n'kutenga lalikulu. Mkati mwa nsapato muyenera kuposa phazi ndi pafupifupi sentimita imodzi. Phazi la masentimita 26 likufuna nsapato ya mkati pafupifupi 27.

Pa nsapato za kaunjika onetsetsaninso kuti ziwirizo ndi banja limodzi. Zimachitika kuti yamanja ndi 42, yamanzere 43, zofanana mtundu ndi kapangidwe. Jambulani malebulo onse awiri.

Chitenje ndi chitenje. Pali chiyani choti ndifotokoze?

Pali utali, ndipo anthu amadana nazo. Nsalu zambiri za waksi zimabwera mu mayadi 6. Yadi imodzi ndi masentimita 91.4, choncho mayadi 6 ndi pafupifupi mamita 5.5, osati 6. Mukadula nsaluyo patatu, chidutswa chilichonse ndi mita imodzi ndi masentimita 83. Mayi amene mwamuuza kuti "mamita awiri" walandira nsalu yoperewera ndi masentimita 17. Pomanga m'chiuno mwina sazindikira, koma telala akayala kuti adule diresi ndi manja ake, kuperewera kumeneko kumaoneka, ndipo nsalu yadulidwa kale. Ngati mukugulitsa m'mayadi, nenani mayadi, n'kulembanso masentimita pambali. Yezaninso m'lifupi, chifukwa nsalu zimasiyana: zina zimafika masentimita 115 kapena kupitirira, zina n'zopapatiza.

Nenaninso ngati ndi thonje kapena ndi ija yoterera ya polisitala, ndipo jambulani kumaso ndi kumbuyo komwe, mutapinda ngodya imodzi kuti mbali zonse zioneke pamodzi. Waksi weniweni amaoneka pafupifupi chimodzimodzi mbali zonse. Nsalu yongodindidwa pamwamba imakhala yotuwa kumbuyo. Zonse ziwiri zili ndi ogula ake. Cholakwa n'kugulitsa ina pa dzina la inzake. Maluwa a pansalu nawonso amanamiza kukula: duwa looneka laling'ono pafoni likhoza kukhala lalikulu ngati mbale. Ikani tepi kapena bokosi la machesi pambali pake.

Ndimajambula chinthu chenichenicho, sindisintha kanthu. Mtundu umasiyana bwanji ukafika kwa wogula?

Kamera ya foni siona monga maso athu. Imayamba yaganiza kuti choyera m'chithunzicho n'chiti, kenako imakonza mitundu ina yonse potengera ganizo limenelo. Ikalakwitsa poyambapo, zonse zimapendekeka. Mukajambula pansi pa lona ya buluu pamsika, kuwala konse kumene kukugwera pachovala ndi kwa buluu, ndipo diresi yotuwa imatuluka yonga ya buluu. Pansi pa ambulera yofiira, malaya oyera amatuluka apinki. Babu wachikasu wa m'nyumba amasandutsa buluu woderako kukhala wakuda. Dzuwa la masana limawalitsa kwambiri moti nsalu yofiira moderako imaoneka yofiira mowala, ndipo madontho otuwa amazimiririka. Fulashi imachita chimodzimodzi, n'kuwonjezera kunyezimira kumene nsaluyo ilibe.

Malo abwino ndi pamthunzi wowala, monga pakhonde loyang'ana pabwalo, m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa lisanafiire. Pewani mthunzi wa mtengo wa masamba, chifukwa umaponya timadontho ta dzuwa pachovala ndiponso kubiriwira. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu. Foni imene yakhala m'thumba kapena m'manja a thukuta imajambula ngati muli nkhungu. Zimitsani fulashi. Onetsetsani kuti palibe fyuluta, ndipo ngati kamera yanu ili ndi pamene palembedwa Beauty kapena pena pokometsa mitundu, zimitsani.

Tsopano tengani pepala loyera, la A4 kapena la m'kope lopanda mizere, muliike pambali pa chovala kuti lioneke m'chithunzi. Limathandiza pawiri. Kamera imapeza choyera chenicheni choyambirapo. Ndipo inu mukayang'ana chithunzi mudziwa msanga ngati chanama: pepala likaoneka lachikasu kapena labuluu, ndiye kuti mtundu wa chovalanso wapotoka, sinthani malo mujambulenso. Musanatumize, gwirani foni pafupi ndi chovalacho n'kuyerekeza ndi maso. Zikasiyanabe, monga zimachitikira kawirikawiri ndi papo ndi mitundu yofiira, lembani poyera kuti "pamaso ndi yoderako kuposa pachithunzi."

Mbali yotsala simungailamulire, ndiyo sikirini ya wogula. Mafoni amasiyana kaonetsedwe ka mitundu, ndipo ena amayatsa Night Light kapena Eye comfort, zimene zimachititsa zonse kukhala zachikasu. Apanso pepala lija likuthandizani: muuzeni kuti ngati pepalalo silikuoneka loyera pafoni yake, vuto lili kwa iye.

Ndilembe chiyani za mtundu, poti chithunzi chilipo kale?

Lembani mtundu m'mawu, ndipo muufanizire ndi chinthu chimene nonse mumachidziwa. "Yobiriwira" ndi dera lalikulu: pali ya masamba a chimanga chanthete, pali ya yunifolomu ya asilikali. "Yofiira" ikhoza kukhala ya tomato wakupsa kapena yoderako ngati chiwindi. Wogula akawerenga kuti "yofiira moderako, yopita kumaruni, osati yofiira ngati tomato," sadzadabwa.

Izi zimakula kwambiri pa maoda a gulu: amayi a mvano, akwaya, operekeza mkwatibwi, kapena banja losoka yunifolomu ya pa chinkhoswe. Nsalu ya maluwa amodzimodzi yochokera m'mitolo iwiri yosiyana ikhoza kusiyana pang'ono kuwala kwake, ndipo anthu khumi akaima pamzere kusiyanako kumaonekera patali. Ngati oda ndi yaikulu, tumizani kachidutswa kansalu kaye kuti akaone ndi maso, ndipo muwauze ngati nsalu zonse zichokera mumtolo umodzi kapena ayi.

Ndikaonetsa zilema, si ndiye kuti ndikuthamangitsa makasitomala?

Ena athawadi. Koma amenewo ndi omwe akanakubwezerani katundu, kapena kukulembani mawu oipa m'gulu la WhatsApp momwe muli makasitomala anu ena onse. Wogula kaunjika amadziwa kuti akugula chovalidwa kale. Chimene sakhululuka n'kupeza yekha chimene inu munachiona n'kubisa. Dontho limene mwamuonetsa musanalandire ndalama limasanduka gawo la mtengo. Dontho lomwelo akalipeza atatsegula jumbo kunyumba kwake, amaliona ngati umbava, ndipo ine sindingamutsutse.

Mawu ngati "giredi wani," "yabwinobwino" kapena "ngati yatsopano" sathandiza, chifukwa ndi maganizo anu, ndipo wogula ali ndi ake. Nenani zimene zilipo. Kuti muzipeze, tsatirani njira imodzi pa chovala chilichonse. Tembenuzani kolala muone ngati yathetheka kapena yada. Yang'anani m'khwapa, kumene thukuta limasiya chikasu. Tsegulani ndi kutseka zipi mpaka kumapeto kawiri. Werengani mabatani. Pisani m'matumba onse. Pa jinzi ndi thalauza, yang'anani pakati pa ntchafu mutaloza kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa, nsaluyo yatsala pang'ono kung'ambika ngakhale palibe bowo. Pa juzi, kwezani kudzuwa kuti timabowo tioneke. Pa nsapato, pindani soli muone ngati ikusweka kapena kumatuka, yang'anani chidendene ngati chadyeka mbali imodzi, ndipo ngati munamata ndi guluu kapena kusoketsa, nenani.

Chilema chilichonse chijambulidwe kawiri. Chithunzi choyamba chikhale chapatali, chala chanu chikuloza pamalopo, kuti wogula adziwe ngati ndi pachifuwa poonekera kapena kumpendero kumbuyo. Chachiwiri chikhale chapafupi, tepi ili pambali, kuti aone kukula kwake. Zimene kamera singaonetse, monga fungo la m'belo kapena la chinyezi, kukanda kwa nsalu, kapena kupyapyala koonetsa thupi, zilembeni. Kupyapyala mungakuonetse poika dzanja mkati mwa nsalu n'kujambula.

Tationetsani uthenga wathunthu mmene ungaonekere.

Tibwerere ku jinzi ija. Ambiri akanalemba kuti: "Jinzi ya amuna, saizi 32, yabwino kwambiri, imbani." Yerekezani ndi izi:

"Namba 14. Jinzi ya amuna, kaunjika, ilipo imodzi yokha. Lebulo ikuti W32 koma ndayeza ndekha itayalidwa: chiuno masentimita 43, kuzungulira 86, pafupifupi mainchi 34. Mwendo wamkati 76. Ntchafu 30. Kukamwa kwa mwendo 19. Siitanuka. Mtundu ndi buluu woderako, yatuwako m'mawondo. Zipi ndi batani zili bwino. Pali dontho la penti yoyera la sentimita imodzi pathumba lakumbuyo lamanja, ndachapa silinachoke. Onani chithunzi chachisanu ndi chachisanu n'chimodzi. Mpendero wa mwendo wamanzere wathetheka kumbuyo. Mtengo K15,000, yoyendetsera ndi yanu."

Mtengowo ndi wachitsanzo chabe. Taonani nambala ya pachiyambi ija, 14. Ilembeni pakapepala n'kukaika m'chithunzi chilichonse cha jinziyo, kenako mukamange pa jinzi yeniyeniyo. Amene ali ndi majinzi abuluu makumi awiri amadziwa mmene zimasokonekera popakira, ndipo mawu akuti "ija ya buluu ija" atumizitsa katundu wolakwika kwa anthu ambiri. Wogula aziitanitsa ndi nambala.

Zithunzi zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri n'zokwana: kumaso, kumbuyo, lebulo, tepi pachiuno, ndi zilema. Ndikudziwa kuti bandulo ndi ndalama, ndipo netiweki m'midzi ina imafuna kukwera pachulu. Pa Status ikani chimodzi kapena ziwiri, zotsalazo muzitumiza kwa amene wafunsa.

Zithunzi zanga zimaoneka bwino pafoni panga koma zikafika kwa wogula dontho silioneka. Chimachitika n'chiyani?

WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo zimene zimayamba kutayika ndi tinthu ting'onoting'ono: ulusi wothetheka, kabowo, manambala a pa tepi. Kuyambira mu 2023 pali kabatani kolembedwa HD pamwamba pa chithunzi musanatumize. Kadinani pa zithunzi za zilema ndi za tepi. Mukhozanso kutumiza chithunzi ngati Document, ndipo chimapita chosachepetsedwa. Koma mankhwala enieni ndi kuyandikira ndi thupi lanu m'malo mokoka chithunzi ndi zala pasikirini, chifukwa kukoka kumeneko pa mafoni ambiri kumangowononga chithunzi. Dinani pasikirini pamene pali chilema kuti kamera ilunjike pomwepo.

Kumbukiraninso kuti Status imafufutika pakatha maola 24. Mkangano ukabuka patatha masiku atatu, zimene munalemba pamenepo kulibe. Choncho munthu akati akufuna, mutumizireni zithunzi ndi mawu onse m'macheza anu awiri, ndipo ayankhe molemba asanatumize ndalama. Ngati mwagwirizana pa foni kapena pa uthenga wa mawu, lembani mwachidule zimene mwamvana: "Mayi, tamvana namba 14, chiuno 86, dontho la penti mwaliona, ndituma mawa pa minibasi ya m'mawa. Muvomereze." Akalemba kuti "Eya, ndavomera," sungani.

Kodi n'kulakwa kugwiritsa ntchito chithunzi cha pa intaneti ngati katundu wanga ndi wofanana nacho?

Inde, n'kulakwa, ndipo n'kumene kumachokera madandaulo owawa kwambiri. Diresi ya pachithunzi yavalidwa ndi munthu wosankhidwa, yagwiridwa ndi mapini kumsana, yajambulidwa ndi magetsi a akatswiri. Yanu ikhoza kufanana maluwa koma nsalu ndi kasokedwe n'zina. Ngati mukutenga maoda a katundu amene sanafike, monga wochokera ku Limbe kapena ku Joni, nenani kuti chithunzicho ndi cha kumene mukukagula, ndipo lonjezani chithunzi chenicheni katundu akafika, wogula asanamalize kulipira.

Malamulo a dziko lino nawonso sali chete. Lamulo loteteza ogula la 2003 ndi lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda amaletsa kunamiza ogula za katundu, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo otere. Lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti linavomereza kuti mauthenga a pa makina akhoza kukhala umboni. Nkhani ya jinzi imodzi siifika kutali choncho. Imathera kwa wapampando wa msika, kwa mfumu, kapena m'gulu la WhatsApp. Koma kulikonse kumene ingathere, funso loyamba limakhala lomwelo: munamuuza chiyani, ndipo zili pati?

Kwathu kuno ndi kwa manachesi. Izi zikukhudza ifenso?

Zikukhudza, chifukwa "thumba" ndi "dengu" nazonso ndi malebulo osayezedwa. Thumba losokerera pamwamba ndi lomanga pakamwa zimasiyana kwambiri. Wa ku Blantyre akamaitanitsa pafoni, muuzeni makilogalamu a pa sikelo kapena chiwerengero cha zipatso, ndi tsiku limene mwathyola. Musajambule a pamwamba okha amene mwasankha. Khuthulani ena pamkeka, muike atatu pamzere, lalikulu, lapakati ndi laling'ono, tepi ili pambali. Dulani limodzi pakati kuti aone ngati lili ndi madzi kapena lauma mkati. Khungu lobiriwirako silitanthauza nthawi zonse kuti nachesi ndi losapsa, koma wogula wokagulitsa m'tauni amafuna kudziwa, chifukwa makasitomala ake amagula ndi maso. Gwirizananinso pasadakhale za ophwanyika panjira, kuti ndi angati amene wogula alandire osadandaula.

Ndachita zonsezi koma wogula akuti katundu si yemwe anaona. Nditani?

Choyamba musakwiye, chifukwa mwina akunena zoona. Mufunseni ajambule katunduyo ndi kapepala ka nambala kaja, tepi ili pamalo omwe inu munayeza. Nthawi zambiri yankho limaonekera pomwepo. Ngati nambala ya pakapepala ndi ina, munapakira cholakwika, ndipo ndalama yobwezera katundu ndi yanu. Ngati tepi yake ikusiyana ndi yanu ndi sentimita imodzi kapena ziwiri, kumeneko ndi kusiyana kwa manja, aliyense amayala ndi kukoka mwake. Ngati yasiyana ndi masentimita anayi kapena asanu, wina walakwitsa. Onani ngati sanawerenge mbali ya mainchi, kapena ngati tepi yanu yakale sinatanuke. Tepi mungaiyese papepala la A4, limene m'litali ndi masentimita 29.7 ndipo m'lifupi 21.

Ngati akudandaula za bowo kapena dontho limene kunalibe, pamafunika umboni wa mmene katundu anachokera m'manja mwanu. N'chifukwa chake ndi bwino kujambula kavidiyo kakafupi popakira: onetsani nambala, tembenuzani chovala mbali zonse, chipindeni, chilowe m'jumbo, matani ndi tepi yomatira n'kulembapo dzina. Jambulaninso phukusilo pamene mukulipereka kwa kondakitala, pamodzi ndi nambala ya galimoto. Wogula naye mumupemphe kuti ajambule phukusi asanatsegule. Likafika long'ambika kapena lonyowa, nonse mudziwa kuti vuto lachitikira panjira.

Zonsezi zimayenda bwino ngati lamulo lanu lobwezera munalinena ndalama isanalowe, m'mawu ochepa amene wogula wawerenga: kuti ngati muyeso wasiyana ndi umene munalemba kupitirira masentimita awiri, kapena pali chilema chimene simunatchule, mubweza ndalama yonse ndi yoyendetsera, kuti ngati miyeso ili yolondola koma chovala sichinamukwane, mukhoza kusinthitsa ndi china koma yoyendetsera ndi yake, ndiponso kuti adandaule pasanathe masiku awiri chilandirireni, chovala chisanavalidwe kapena kuchapidwa.